Kuwerenga ndandanda wa ngongole womwe mwaujambula, ndi chifukwa chake chiwongola dzanja chimanka chichepa

Funso ili lindipeza pafupipafupi. Munthu watenga ngongole ku banki, ku SACCO kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, amupatsa pepala lodzaza manambala, walijambula pa foni, n'kunditumizira ndi mawu akuti: “Taonani apa, ndakhala ndikubweza mwezi ndi mwezi koma ngongole siikutsika. Sakundibera awa?” Wina amafunsa mosiyanako: “Bwanji chiwongola dzanja chikuchepa mwezi uliwonse pomwe ndalama yomwe akundidula siikusintha?” Mafunso awiriwa yankho lake n'limodzi, choncho ndalilemba pano kamodzi kuti ndizingotumiza.

Mfundo yake ndi iyi: pa ngongole zambiri za ku banki, chiwongola dzanja amachiwerengera pa ndalama yomwe yatsala kuti mubweze, osati pa ndalama yomwe munatenga tsiku loyamba. Zina zonse zomwe zili pa pepalalo zimachokera pamenepa. Mufunika chithunzi chanu chija, kakyuleta ya pa foni, ndi cholembera.

1. Yambani mwakonza chithunzicho

Theka la mavuto limayambira pa kajambulidwe. Ambiri amajambula pakati pa pepala pomwe pali manambala, n'kusiya mitu ya pamwamba. Popanda mitu ija palibe yemwe angadziwe kuti danga ili ndi la chiwongola dzanja kapena la ngongole yeniyeni. Jambulani tsamba lonse, kuphatikizapo kamutu ka pamwamba komwe amalembapo ndalama yomwe munabwereka, peresenti ya chiwongola dzanja, miyezi yobwezera ndi tsiku lomwe ndalama inatuluka. Ngati masamba ndi awiri, jambulani onse, chifukwa mzere womaliza timaufuna.

Ikani pepala pa tebulo, foni ikhale pamwamba pake mowongoka. Chithunzi chopendekeka chimapusitsa diso: mumayamba kuwerenga mzere wa mwezi wachinayi, pofika kumapeto mwalowa mu wachisanu osadziwa. Potumiza pa WhatsApp sankhani `Document` m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, chifukwa chithunzi wamba amachichepetsa ndipo 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7, komanso kadontho ndi kampumulo zimafanana. Ndipo musanatumize kwa aliyense, phimbani dzina lanu ndi nambala ya akaunti. Wokuthandizani kuwerenga sazifuna zimenezo.

2. Dziwani madanga ake

Mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mitu yake imasiyanako pang'ono malinga ndi bungwe. Pamwamba pangalembedwe `Repayment Schedule` kapena `Amortisation Schedule`. Mzere uliwonse wopingasa ndi mwezi umodzi. Madanga otsika pansi amakhala awa:

`Opening Balance` ndi ngongole yomwe muli nayo poyamba mweziwo. `Instalment`, ena amalemba `Repayment` kapena `Payment`, ndi ndalama yonse yomwe mumapereka mweziwo, ija amadula pa malipiro anu. `Interest` ndi gawo la ndalamayo lomwe ndi chiwongola dzanja. `Principal`, kapena `Capital`, ndi gawo lomwe likubwezadi ngongole yeniyeni. `Closing Balance` kapena `Outstanding Balance` ndi ngongole yotsala mukalipira.

Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri apa ndi kuphatikiza `Interest` pa `Instalment`, n'kumaganiza kuti mumalipira zonse ziwiri. Ayi. `Instalment` ndi ndalama imodzi yomwe aigawa pawiri: `Interest` ndi `Principal`. Mukaphatikiza ziwirizi muyenera kupeza `Instalment` ndendende. Ngati sizikufika, ndiye kuti pali danga lina, kawirikawiri la inshulansi kapena la ndalama yoyendetsera ngongole, ndipo mwina chithunzi chanu chalidula.

Tigwiritse ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti mwabwereka K1,000,000, chiwongola dzanja ndi 36 peresenti pachaka, mubweza kwa miyezi 12. Ndasankha 36 chifukwa imagawika bwino ndi 12. Ndandanda wake, titataya matambala, ukhala wotere:

```
No  Opening     Instalment  Interest  Principal  Closing
1   1,000,000   100,462     30,000    70,462     929,538
2     929,538   100,462     27,886    72,576     856,962
3     856,962   100,462     25,709    74,753     782,209
4     782,209   100,462     23,466    76,996     705,213
5     705,213   100,462     21,156    79,306     625,907
6     625,907   100,462     18,777    81,685     544,222
7     544,222   100,462     16,327    84,135     460,087
8     460,087   100,462     13,803    86,659     373,428
9     373,428   100,462     11,203    89,259     284,169
10    284,169   100,462      8,525    91,937     192,232
11    192,232   100,462      5,767    94,695      97,537
12     97,537   100,463      2,926    97,537           0
```

3. Pezani peresenti ya pamwezi

Banki imakonda kutchula peresenti ya pachaka, ndipo pa pepala amalemba `p.a.` pambali pa nambala. Mabungwe ang'onoang'ono ambiri amatchula ya pamwezi, `p.m.` Musasokoneze ziwirizi. Ngati ndi ya pachaka, igaweni ndi 12. Pa chitsanzo chathu, 36 kugawa ndi 12 ndi 3 peresenti pamwezi, kutanthauza K3 pa K100 iliyonse. Pa kakyuleta 3 peresenti mumailemba 0.03.

Ngati peresentiyo siikuoneka pa chithunzi, ipezeni nokha. Tengani `Interest` ya mzere uliwonse, muigawe ndi `Opening Balance` ya mzere womwewo. Pa mzere wachiwiri, 27,886 kugawa ndi 929,538 ikupereka 0.03. Pa mzere wa 9, 11,203 kugawa ndi 373,428 ikuperekanso 0.03. Gwiritsani ntchito mzere wachiwiri kapena wachitatu, osati woyamba, chifukwa woyamba umakhala ndi zake zomwe tizikamba pa nambala 6.

Onani bwino zomwe mwapezazi. Peresenti sinasinthe kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Anthu ambiri akaona chiwongola dzanja chikutsika amaganiza kuti banki ikuwatsitsira peresenti chifukwa akubweza bwino. Banki siikukuchitirani chifundo chilichonse. Chomwe chikuchepa ndi ndalama yomwe peresentiyo akuiwerengerapo.

4. Werengani nokha mizere iwiri yoyamba

Apa ndi pomwe ambiri ofotokoza amadutsa mothamanga, n'kungoti “chiwongola dzanja chimakhala chambiri koyambirira”, ngati kuti ndi lamulo lomwe banki inangokhazikitsa. Tengani cholembera, tiyende pang'onopang'ono.

Mwezi woyamba wonse mwakhala ndi K1,000,000 ya eni ake. Chiwongola dzanja cha mweziwo ndi 1,000,000 kuchulukitsa ndi 0.03, yomwe ndi K30,000. Tsiku lolipira likafika mumapereka K100,462. Pa ndalamayi, choyamba kuchotsedwa ndi chiwongola dzanja chija, K30,000. Zotsala, K70,462, ndi zomwe zimapita kukachepetsa ngongole. Dongosolo limeneli musaliiwale: chiwongola dzanja chimadya choyamba, ngongole yeniyeni imalandira zotsala. Choncho ngakhale mwatulutsa K100,462 m'thumba, ngongole yatsika ndi K70,462 yokha, ndipo yatsala K929,538.

Mwezi wachiwiri simuli ndi miliyoni ya eni ake. Muli ndi K929,538. Nambala imeneyi, yomwe inali `Closing Balance` ya mzere woyamba, ndi yomwe yakhala `Opening Balance` ya mzere wachiwiri. Ichulukitseni ndi 0.03, mupeza K27,886. Mumaperekabe K100,462 yomwe ija, koma popeza chiwongola dzanja chadya zochepa, zotsala zakula: K72,576. Ngongole yafika pa K856,962.

Tsopano dzifunseni kuti chiwongola dzanja chatsika ndi zingati. Kuchoka pa 30,000 kufika pa 27,886 ndi K2,114. Nambala imeneyi sinagwe kumwamba. Tengani K70,462 yomwe munabweza pa ngongole yeniyeni mwezi woyamba, muichulukitse ndi 0.03, mupeza K2,114. Ndiye kuti chiwongola dzanja chatsika ndi ndalama yomwe mukanalipira pa gawo lija mwabweza kale. Zili ngati munthu wochita lendi munda wa maekala khumi yemwe chaka chilichonse amabweza kachigawo kwa mwini munda. Mtengo wa ekala imodzi sunasinthe, koma lendi yake ikuchepa chifukwa maekala omwe wagwira akuchepa.

K2,114 ija siibwerera m'thumba mwanu, chifukwa ndalama yodulidwa pamwezi ndi yokhazikika. Imasamukira ku danga la `Principal`. N'chifukwa chake 70,462 yakhala 72,576: yawonjezeka ndi 2,114 yomweyo. Chomwe danga lina lataya, linzake latola.

Ndiye pali chinthu china chomwe ambiri sachiona. Popeza mwezi wachiwiri mwabweza zambiri kuposa woyamba, kutsika kwa chiwongola dzanja mwezi wachitatu kukhala kokulirapo: kuchoka pa 27,886 kufika pa 25,709 ndi K2,177, osati 2,114. Kutsikako kukuwonjezeranso gawo la ngongole yeniyeni, lomwe litsitsenso chiwongola dzanja cha mwezi wotsatira. Zimakankhana choncho mpaka kumapeto, moti pakati pa mwezi wa 11 ndi wa 12 chiwongola dzanja chikutsika ndi K2,841. Mukafuna kutsimikiza, tengani nambala iliyonse ya mu `Principal`, muichulukitse ndi 1.03, mupeza nambala ya pansi pake. Gawo lobweza ngongole limakula ndi peresenti yomwe ija ya chiwongola dzanja mwezi uliwonse.

Wina angafunse kuti nanga K100,462 anaipeza bwanji. Ndi ndalama yomwe, mukamaipereka mosasintha kwa miyezi 12 chiwongola dzanja chikudya choyamba, ngongole imathera pa ziro ndendende mwezi womaliza. Ikachepa pang'ono pamatsala ngongole, ikachuluka mumamaliza msanga. Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angaipeze polemba izi:

```
=PMT(3%,12,-1000000)
```

Yankho lake ndi 100,462.09. Kusiyana kwa kwacha imodzi kapena ziwiri pa mzere womaliza, ngati komwe kuli pa ndandanda wathu, ndi kwa matambala omwe anatayidwa m'njira. Kusakudetseni nkhawa.

5. Mvetsani chifukwa chake theka la nthawi si theka la ngongole

Madandaulo ambiri amabwera munthu akafika pakati. Pa chitsanzo chathu, pakutha miyezi isanu ndi umodzi mwapereka K602,772. Mumayembekeza kuti pa miliyoni ija patsala ndalama yosafika K400,000. Koma pepala likuti K544,222. Kusiyanako ndi chiwongola dzanja cha miyezi imeneyi, chomwe chakwana K146,994. Chiwongola dzanja cha ngongole yonseyi ndi K205,545, ndiye kuti pofika pakati mwalipira kale zoposa magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi a chiwongola dzanja chonse, pomwe ngongole yeniyeni simunaifikitse n'komwe pa theka. Palibe kuba apa. Miyezi yoyambirira ndi yomwe munali ndi ndalama yambiri ya eni ake, choncho ndi yomwe inali yodula.

Pa ngongole ya chaka chimodzi izi sizipweteka kwambiri. Zimapweteka nthawi ikatalika. Tengani K1,000,000 yomweyo, pa 3 peresenti yomweyo pamwezi, koma mubweze kwa miyezi 36. Ndalama yodulidwa pamwezi itsika kufika pa K45,804, ndipo ambiri amakopeka ndi zimenezi chifukwa peyisilipi imapumako. Koma chiwongola dzanja cha mwezi woyamba chikadali K30,000, pakuti ngongole ikadali miliyoni. Zotsala zochepetsera ngongole ndi K15,804 basi. Pa K3 iliyonse yomwe mwapereka, pafupifupi K2 yapita ku chiwongola dzanja. Pakutha chaka mwapereka ndalama yoyandikira K550,000, koma ngongole ili cha pa K775,700. Gawo la `Principal` limayamba kuposa la `Interest` pa mwezi wa 14. Pomaliza zaka zitatuzo chiwongola dzanja chonse chimafika cha pa K649,000, kuposa katatu cha ngongole ya chaka chimodzi ija.

Ndiye mukalandira ndandanda wautali, fufuzani mzere womwe `Principal` ikuyamba kuposa `Interest`. Mzerewo ukakhala kutali kwambiri, dziwani kuti mwasankha nthawi yaitali pa peresenti yokwera, ndipo miyezi yambiri mukhala mukudyetsa chiwongola dzanja. Ine ndimati ngati malipiro anu angapirire, sankhani miyezi yochepa.

6. Ngati manambala anu akusiyana ndi a pa pepala

Mwachulukitsa monga ndanenera koma mwapeza nambala yosiyana pang'ono. Musathamangire kukalusa ku ofesi. Pali zifukwa zodziwika.

Choyamba, mabanki ambiri amawerengera chiwongola dzanja pa masiku, osati pa miyezi yofanana. Amatenga ngongole yotsala, kuchulukitsa ndi peresenti ya pachaka, kuchulukitsa ndi masiku, kugawa ndi 365. Pa miliyoni yathu, mwezi wa masiku 31 upereka K30,575, wa masiku 30 upereka K29,589, ndipo Febuluwale wa masiku 28 upereka K27,616. Pa ndandanda wotere chiwongola dzanja chimatsikabe, koma modumphadumpha, ndipo pa ngongole yaitali mungaone cha Malichi chikuposa cha Febuluwale. Yang'anani masiku omwe ali mu danga la `Due Date`, muwerenge masiku a pakati pake.

Chachiwiri ndi mzere woyamba uja. Ndalama ikatuluka pa 10 Epulo ndipo kudula koyamba kuli pa 25 Meyi, pakati pake pali masiku 45, osati 30. Chiwongola dzanja cha mzere woyamba chikhala K44,384. Chikuoneka chachikulu, koma ndi masiku omwe achuluka, peresenti ndi yomweyo.

Chachitatu, yerekezani `Opening Balance` ya mzere woyamba ndi ndalama yomwe inalowadi mu akaunti yanu. Nthawi zambiri amadula ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshulansi asanakupatseni. Tinene kuti anadula K50,000: inu mwalandira K950,000, koma ndandanda ukuyambira pa K1,000,000, ndipo chiwongola dzanja akuchiwerengera pa miliyoni yonse. Ena m'malo modula amaziwonjezera pamwamba, ndandanda n'kuyambira pa K1,050,000. Zonsezi ziyenera kupezeka mu kalata ya mgwirizano yomwe munasaina. Ngati mulibe, ndi pomwe muyenera kufunsa.

Chomwe sichiyenera kusiyana ndi ichi: `Closing Balance` ya mzere uliwonse ifanane ndi `Opening Balance` ya mzere wotsatira, manambala onse a mu `Principal` mukawaphatikiza akwane ndalama yomwe ili pa mzere woyamba, ndipo mzere womaliza uthere pa ziro. Chimodzi mwa izi chikalephereka, ndiye kuti mwina mwawerenga molakwika nambala ina pa chithunzi, mwina pali tsamba lomwe mulibe, kapena pali ndalama yaikulu yoti mudzalipire kamodzi kumapeto yomwe simunaimvetse.

7. Ngati chiwongola dzanja sichikutsika konse

Apa pokha ndi pomwe ndimati khalani tcheru. Mukayang'ana danga la `Interest` n'kupeza nambala imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngongole yanu si ya mtundu womwe takambawu. Mtundu takambawu amaulemba `Reducing Balance` kapena `Declining Balance`. Wosatsikawo amaulemba `Flat Rate`, ndipo umapezeka kwambiri kwa obwereketsa ang'onoang'ono ndi ogulitsa katundu pa ngongole. Pamenepo chiwongola dzanja amachiwerengera pa ndalama yomwe munatenga tsiku loyamba, mwezi uliwonse, ngakhale mwabweza kale yambiri.

Tibwerere ku miliyoni yathu. Pa njira imeneyi, 3 peresenti pamwezi ndi K30,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, zonse pamodzi K360,000. Pamwezi mumapereka K113,333, ndiye kuti K83,333 ya ngongole yeniyeni ndi K30,000 ya chiwongola dzanja. Yerekezani K360,000 ndi K205,545 ija: mwalipira K154,455 yowonjezera, pomwe onse awiri anakuuzani kuti “3 peresenti pamwezi”. Onani mwezi womaliza. Ngongole yotsala ndi K83,333 yokha koma mukulipirabe K30,000, yomwe ndi 36 peresenti pa mwezi umodzi. Mukaiwerengera pa ndalama yotsala monga ichitira banki, ngongole imeneyi ili pa 5 peresenti ndi kakusefukira pamwezi, osati 3.

Sindikuti aliyense wogwiritsa ntchito njira imeneyi ndi wakatapila. Kuwerengera kwake n'kosavuta, ndipo ena amaikonda pa chifukwa chimenecho. Koma musayerekeze maperesenti a mabungwe awiri musanafunse kuti akuwerengera pa ndalama yotsala kapena pa yomwe munatenga. Njira yachidule ndi kufunsa funso limodzi kwa onse awiri: ndikalandira m'manja ndalama yakuti, ndidzabweza zingati zonse pamodzi pa miyezi yofanana?

Pali mtundu wachitatu womwe mungaupeze ku SACCO zina. Gawo la `Principal` limakhala lofanana mwezi uliwonse, K83,333, chiwongola dzanja chimatsika chifukwa amawerengera pa yotsala, ndipo ndalama yonse yopereka imatsika nayo: K113,333 mwezi woyamba, K85,833 womaliza. Umenewu ndi wabwinobwino. Chiwongola dzanja chake chonse ndi K195,000, chocheperako chifukwa ngongole mumayamba kuigwetsa mwamphamvu koyambirira.

8. Gwiritsani ntchito ndandandawo mukapeza ndalama yapadera

Mwagulitsa soya kapena mwalandira ndalama ya ku banki m'khonde, ndipo mukufuna kumaliza ngongole mutalipira mwezi wachisanu ndi chimodzi. Ambiri amawerengera miyezi yotsala: isanu ndi umodzi kuchulukitsa ndi K100,462, pafupifupi K602,773. Imeneyo si ngongole yanu. Ngongole yanu ndi `Closing Balance` ya mzere wa 6, K544,222. Kusiyana kwake, K58,551, ndi chiwongola dzanja cha miyezi yomwe isanafike, ndipo pa ngongole yowerengera pa yotsala simuyenera kulipira chiwongola dzanja cha nthawi yomwe simunakhale ndi ndalamayo. Pamwamba pa K544,222 angawonjezere chiwongola dzanja cha masiku omwe adutsa chilipirire komaliza, komanso chindapusa chomalizira ngongole nthawi isanakwane ngati mgwirizano wanu uli nacho. Pemphani kuti akulembereni nambala yomalizira ngongole pa pepala, ndipo muiyerekeze ndi mzere wa pa ndandanda wanu.

Ngati ndalama yanu siyokwana kumaliza koma mukufuna kuchepetsako, nthawi yomwe mwaiperekera ndi yomwe imanena zambiri. K100,000 yowonjezera yoperekedwa limodzi ndi kulipira koyamba imakupulumutsirani pafupifupi K37,000 ya chiwongola dzanja, ndipo ngongole imatha pa mwezi wa 11. K100,000 yomweyo mukaipereka pa mwezi wa 10 imapulumutsa pafupifupi K5,900 yokha. Chifukwa chake ndi chomwe tachiona pa nambala 4: kwacha iliyonse yomwe yachoka pa ngongole imasiya kubala chiwongola dzanja pa miyezi yonse yotsala, ndipo koyambirira miyezi yotsala ndi yambiri.

Koma samalani. Mukangoponya ndalamayo mu akaunti osanena kanthu, malo ena imangokhala m'menemo kudikira tsiku lodula, kapena amaitenga ngati mwalipiriratu mwezi wamawa, ngongole yeniyeni osatsika. Nenani momveka, makamaka polemba, kuti ndalamayo ichotsedwe pa `Principal`, ndipo pemphani ndandanda watsopano. Akufunsani ngati mukufuna kuti ndalama ya pamwezi itsike kapena miyezi ichepe. Kuchepetsa miyezi ndi komwe kumapulumutsa chiwongola dzanja chambiri.

9. Kumbukirani kuti chithunzicho ndi cha tsiku loyamba

Ndandanda umasindikizidwa pa tsiku lotenga ngongole, poganiza kuti mudzalipira mwezi uliwonse pa tsiku lake ndiponso kuti peresenti siidzasintha. Sudziwa zomwe zachitika pambuyo pake. Ngati malipiro anachedwa mwezi wina ndipo kudula kunalephereka, ngongole sinatsike monga mzerewo ukunenera, chiwongola dzanja chinapitirira kuwerengedwa pa ndalama yaikulu ija, ndipo mwina panabwera chindapusa. Kuyambira pamenepo mizere yonse ya m'munsi siikugwirizananso ndi zomwe zili mu kompyuta ya banki.

Peresenti nayo imatha kusintha. Ngongole zambiri za m'mabanki a ku Malawi zimatsatira mlingo womwe pa makalata amaulemba `Reference Rate`, womwe umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki imawonjezerapo maperesenti ake pamwamba. Mlingowu umayenda motsatira, mwa zina, chiwongola dzanja chomwe imakhazikitsa banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, chomwe mu 2024 chinakwera kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Amene anatenga ngongole zotere kukwerako kusanachitike anaona ndalama yodulidwa ikukwera kapena miyezi ikuwonjezeka, pomwe pepala lawo likunenabe zakale. Yang'anani mu mgwirizano wanu ngati palembedwa `Fixed`, kutanthauza kuti peresenti siisintha, kapena `Variable` kaya `Floating`, kutanthauza kuti imasintha.

Choncho mukafuna kudziwa pomwe ngongole yanu ili lero, pemphani sitetimenti ya akaunti ya ngongoleyo, osati ya akaunti yomwe mumalandirirapo malipiro. Ikani sitetimenti ndi ndandanda pamodzi, mutsike mwezi ndi mwezi mukuyerekeza ngongole yotsala, mpaka mupeze mwezi woyamba womwe manambala awiriwa asiyana. Pitani ku ofesi ndi mwezi umenewo, ndi nambala ziwirizo, ndipo mufunse chomwe chinachitika pa tsikulo: kulipira mochedwa, chindapusa, kapena kusintha kwa peresenti. Ngati ndi peresenti, pemphani ndandanda watsopano woyambira pa ngongole yotsalayo, muuyese mizere iwiri yoyamba ndi kakyuleta monga tachitira pa nambala 4.